Mayi akayamba kutaya magazi atachira: mmene tchati cha pakhoma chimawerengedwera

Loweruka masana, mayeso akayandikira, ophunzira uzamba anayi amabwera kunyumba kwanga ku Mufakose ndi matchati awo opindapinda. Onse ndi ana a kuno ku Harare, koma agogo awo anachokera ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Mangochi, ndiye tikatopa ndi Chingerezi cha m'mabuku timatembenukira ku Chichewa chathu chosakanikirana ndi Chishona. Matchatiwo ndi a mavuto adzidzidzi a m'chipinda chochirira: mayi kukomoka chifukwa cha bipi yokwera, mapewa a mwana kukakamira mutu utatuluka kale, chingwe cha mchombo kutsogola. Chimene timakhalitsa nacho ndi cha mayi amene akutaya magazi ambiri atachira. Vuto limeneli ndi limene limapha amayi obereka ambiri padziko lonse kuposa lina lililonse, komanso ndi tchati chimene ophunzira amachiloweza bwino kwambiri koma n'kuchimva molakwika.

Kulakwikako kumachokera pa maonekedwe a pepalalo. Tchati chimalembedwa kuchokera pamwamba kutsika pansi, bokosi pansi pa bokosi, mivi italoza kumunsi. Wophunzira amachiona ngati makwerero, n'kumaganiza kuti achite choyamba, adikire, chikakanika ndiye apite pa chachiwiri. Pa mayeso olemba amakhoza ndithu. Pa bedi la mayi, kudikira pakati pa mabokosi kuja ndi kumene kumataya magazi.

Chifukwa chake chili m'thupi momwemo. Mimba ikafika kumapeto, magazi opita ku chiberekero amaposa theka la lita pa mphindi iliyonse. Nsengwa ikamatuka pakhoma la chiberekero, pamatsala bala lalikulu ngati kambale, mitsempha yake ili pululu. Palibe amene amasoka bala limeneli. Minofu ya chiberekero ndi yolukanalukana ngati mkeka, ndipo mitsempha ya magazi imadutsa m'mipata mwake. Chiberekero chikakungika, minofu ija imafinya mitsempha monga mmene munthu amapindira payipi yothirira kudimba, magazi n'kusiya. Chikalefuka, mitsempha imakhala yotseguka. Mwa amayi khumi otaya magazi atachira, pafupifupi asanu ndi awiri vuto lawo limakhala limeneli. Tsono ngati theka la lita likhoza kutuluka m'mphindi imodzi kapena ziwiri, mzamba amene wapereka jekiseni n'kuima kwa mphindi khumi kuti aone ngati agwira ntchito wataya kale nthawi imene analibe.

Zifukwa zina zitatu ophunzira amazidziwa pamtima, chifukwa m'Chingerezi zonse zinayi zimayamba ndi chilembo cha T. Pali kung'ambika kwa khomo la chiberekero kapena kwa njira yobadwira mwana, pali kachidutswa ka nsengwa kotsalira mkati kamene kamalepheretsa chiberekero kukungika, ndiponso pali magazi amene akulephera kuundana.

Bokosi loyambirira kwenikweni ndi limene ambiri amalidumpha, chifukwa limaoneka losavuta: zindikira kuti mayi akutaya magazi ambiri. Mabuku amati ndi mamililita 500 kapena kuposerapo m'maola 24 oyamba atachira, ndipo akafika 1,000 zafika poipa. Nanga 500 ameneyu mumamudziwa bwanji? Ine ndimatenga botolo la theka la lita, n'kusungunulamo utoto wofiira, n'kuthira pa chitenje chakale, chimene kuno timachitcha kuti zambiya. Kenako ndimaitana amene anali panja kuti andiuze kuchuluka kwake. Kawirikawiri amati 200, wolimba mtima amati 300. Nsalu yamwa, ena alowa pansi, ndipo maso amapeputsa. Ngakhale ife amene takalambira m'chipinda chochirira maso athu amatinamiza chimodzimodzi, makamaka magazi akamachuluka.

N'chifukwa chake masiku ano timalimbikira kuyeza. Pali pulasitiki yoyala pansi pa mayi mwana akangobadwa, yokhala ndi thumba losongoka kumunsi lolembedwa mizere ya mamililita. Kumene kulibe, timayeza pa sikelo nsalu ndi mapadi onyowa n'kuchotsapo kulemera kwake zili zouma. Galamu imodzi ndi pafupifupi mililita imodzi ya magazi. Kafukufuku wotchedwa E-MOTIVE, amene anafalitsidwa mu 2023, anachitika m'zipatala 80 za ku Kenya, Nigeria, South Africa ndi Tanzania pa amayi oposa 200,000. Zipatala zimene zinkayeza magazi ndi pulasitiki ija, n'kumapereka chithandizo choyamba chonse pamodzi, zinachepetsa ndi 60 peresenti chiwerengero cha amayi amene anafika potaya magazi kwambiri, kupita ku opaleshoni kapena kumwalira. Munalibe mankhwala atsopano m'kafukufukuyu. Chimene chinasintha n'chakuti vuto linkadziwika msanga, ndipo mabokosi oyamba aja ankachitika nthawi imodzi. Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse linavomereza njira imeneyi chaka chomwecho.

Tiyeni titsate nkhani imene ndimawapatsa ophunzira anga pokonzekera. Mayi wa zaka 34, mimba yachisanu, wachirira pa kiliniki ya khonsolo usiku. Kusikelo anamupeza ndi magazi ochepa, himogulobini ili pa 9. Matenda atenga nthawi yaitali, ndipo mwana wabadwa 2:10 usiku akulemera makilogalamu 3.9. Mzamba wachita zoyenera: waonetsetsa kuti mulibe mwana wachiwiri, wabaya okisitosini, mankhwala okunga chiberekero, mayunitsi 10 pantchafu mphindi imodzi isanathe, watulutsa nsengwa pokoka chingwe mosamala dzanja lina litatchinjiriza chiberekero. Pa 2:25 thumba likuonetsa 200, mtima ukugunda ka 92 pa mphindi, bipi ili 118/74. Pa 2:40 thumba lili pa 350, mtima ukugunda ka 108, bipi ili 104/66. Mayi akuti ali bwino, wangomva ludzu basi.

Ndikafika apa ndimafunsa kuti achite chiyani. Tsiku lina mtsikana wa ku Dzivarasekwa, wanzeru kwambiri m'gululi, anayankha mosakayika kuti, “Sisita, sanafike 500, ndipo bipi ikadali yabwino. Ndipitiriza kumuyang'anira.” Anayankha monga mmene tanthauzo la m'buku linamuphunzitsira, koma mayiyu anali atayamba kale kutsetsereka.

Mayi woyembekezera amakhala ndi magazi ochuluka kuposa masiku onse, pafupifupi theka lina kuwonjezera pa amene anali nawo. Akayamba kutaya, thupi limafinya mitsempha ya m'manja ndi m'miyendo, mtima n'kuthamanga, kuti bipi isagwe. Akhoza kutaya lita yathunthu kapena kuposa bipi ikuonekabe yabwino, ndiye ikadzagwa imagwa kamodzi n'kamodzi. Choyamba kusintha ndi kugunda kwa mtima. Pali kasamu kosavuta kamene timakatcha shoko indekisi: tengani kugunda kwa mtima, gawani ndi nambala yapamwamba ya bipi. Pa 2:25 inali 92 kugawa ndi 118, kuyandikira 0.8. Pa 2:40 ndi 108 kugawa ndi 104, yadutsa 1. Simukufunikanso makina owerengera. Mukaona kugunda kwa mtima kwafanana ndi nambala yapamwamba ya bipi kapena kwaidutsa, dziwani kuti zinthu sizili bwino. Mu kafukufuku uja chithandizo chinkayamba pa 500, kapenanso pa 300 ngati pali chizindikiro china chotere. Mayi wathuyu, amene anabwera ali kale ndi magazi ochepa, alibe oti n'kutaya. Ndipo thumba limangoonetsa magazi amene atuluka. Chiberekero cholefuka chimatha kusunga mibulu ya magazi mkati, n'kumakwera pamwamba pa mchombo pang'onopang'ono, kunja kukuoneka ngati kwachepa.

Choncho pa 2:40 mzamba aika dzanja pamimba. Chiberekero chokungika bwino chimamveka cholimba, chobulungira, chili pa mchombo kapena kumunsi pang'ono. Cha mayiyu n'chofewa ngati mtanda wa mandasi, chakwera, chapendekera kudzanja lamanja. Mzamba akuwa kuitana anzake, dzanja lisakuchoka pamimba. Ophunzira amachita manyazi ndi kukuwaku, poopa kuti asisita aakulu adzati akuchita phuma. Ine ndimawauza kuti ntchito zimene zikubwerazi n'zosatheka ndi manja awiri. Mutu umodzi susenza denga, ndipo apa dengalo liyenera kukwera m'mphindi 15.

M'mphindi zimenezo zinthu zisanu zichitike pamodzi. Amene ali pamimba atikite chiberekero mwamphamvu mpaka chilimbe, n'kufinya kuti mibulu ituluke. Wachiwiri aike kanyula yaikulu yolowetsera diripi m'mtsempha, yotuwa ya nambala 16 kapena yobiriwira ya 18, makamaka ziwiri, mkono uliwonse yake, mitsempha isanabisale. Atengeretu magazi okayeza, n'kutsegula diripi ya salaini kapena ringa. Mu diripimo mupite okisitosini wina, ngakhale mayiyu analandira kale woteteza uja: mayunitsi 10 pang'onopang'ono, kenako 20 mu lita imodzi kuti chiberekero chisalefukenso. Matchati ena amalemba 40, ndiye tsatirani cha pa wodi yanu, koma musamukankhe mofulumira m'mtsempha chifukwa amagwetsa bipi. Nthawi yomweyo mayi alandire tiranekisamiki asidi galamu imodzi m'mtsempha, mililita imodzi pa mphindi kwa mphindi khumi. Chachisanu ndi kufufuza kumene magazi akuchokera. Ngati pali munthu wachitatu, ngakhale wophunzira wa chaka choyamba, agwire wotchi ndi cholembera, azitchula nthawi mokweza.

Tiranekisamiki asidi ndi amene matchati akale anamuika pansi kwenikweni, ngati chinthu choyesa zonse zitakanika, ndipo ophunzira amene akuwerenga manotsi obwereka kwa akuluakulu awo amamusiyabe komweko. Iye sakunga chiberekero. Ntchito yake ndi kuletsa thupi kusungunula magazi amene aundana kale pabala. Ndiye amathandiza kaya vuto ndi chiberekero cholefuka kaya ndi kung'ambika, ndipo simuyenera kudikira kudziwa chifukwa chake musanamupereke. Kafukufuku wa WOMAN wa mu 2017, wa amayi pafupifupi 20,000 m'mayiko 21, anasonyeza kuti akaperekedwa maola atatu asanathe kuchokera pamene mwana wabadwa, imfa zobwera chifukwa chotaya magazi zimachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Maola atatuwo akadutsa phindu lake silionekanso. Onetsetsani kuti wotchiyo imayamba pa kubadwa kwa mwana, osati pamene mwazindikira vuto. Kwa mayi wathuyu malire ndi 5:10 m'mawa. Magazi akapitirira patatha mphindi 30, kapena akayambiranso maola 24 asanathe, amalandira galamu yachiwiri.

Kupendekera kuja kwa chiberekero kuli ndi tanthauzo lake. Chikhodzodzo chodzaza chimakankhira chiberekero pambali n'kuchiletsa kukungika. Kathita, kapaipi kotulutsira mkodzo, akalowa, mkodzo n'kutuluka wokwana kapu ziwiri, nthawi zina mumamva chiberekero chikulimba m'dzanja mwanu pomwepo. Kathitayo akhale momwemo, chifukwa mkodzo ukamatuluka wosachepera mamililita 30 pa ola ndiye kuti impso zikulandirabe magazi.

Apa tsopano tafika pa mphambano yeniyeni ya tchati, pamene mivi imagawikana. Pa 2:55, zonse zija zitachitika, funso ndi limodzi: chiberekero chalimba kapena ayi? Ndimasintha nkhaniyi malinga ndi amene ndikumufunsa.

Tinene kuti chalimba ngati mwala, koma magazi ofiira kwambiri akuchuchabe mosalekeza. Wophunzira amene analoweza mankhwala motsatana amafuna kuwonjezera wina. Kumeneko n'kutaya nthawi, chifukwa chiberekero chachita kale ntchito yake. Magazi akuchokera kwina. Pafunika nyali yowala, mayi agonekedwe bwino, ndipo mzamba ayang'ane njira yonse kuyambira kunja mpaka khomo la chiberekero, kuzungulira mbali zonse. Bala laling'ono alisoke. Lalikulu kapena lokwera mkati alipanikize ndi gozi, kapena agwire mtsempha ndi chopanira, n'kutumiza mayi kumene kuli dokotala. Nsengwa iyalidwenso pa thireyi, mbali ya kwa mayi ili pamwamba, tione ngati zigawo zake zikulumikizana popanda dzenje, tionenso nembanemba zake. Ambiri amaiyang'ana mothamanga nthawi yoyamba, mwana akulira ndipo mayi wina akubuula pa bedi lapafupi.

Tinene kuti n'chofewabe. Apa ndi pamene pamabwera mankhwala achiwiri, ndipo apa ndi pamene ndimawatchera msampha. Egometirini amakunga chiberekero mwamphamvu, koma amafinyanso mitsempha ya thupi lonse. Mayi wa bipi yokwera, wa pulikilampusiya, lomwe ndi vuto la bipi yobwera ndi mimba, kapena wa matenda a mtima akamulandira akhoza kukomoka kapena kuphulika mtsempha wa m'mutu. Ndiye funso si lakuti bipi ili bwanji panopa, pakuti panopa yatsika ndi kutaya magazi. Tsegulani khadi la kusikelo muone mmene inalili mimba yonse. Ngati inali yokwera, perekani misopurosito mamaikulogalamu 800 pansi pa lilime, ndipo musadabwe mayi akayamba kunjenjemera ndi kutentha thupi, ndi mmene mankhwalawa amachitira.

Pano ndi pamenenso matchati awiri, cha kukomoka ndi cha magazi, amakumana, chinthu chimene pepala lililonse palokha silinena. Mayi amene akulandira magineziyamu salifeti poteteza kukomoka amakhala pa chiopsezo chotaya magazi, pakuti mankhwalawa amafewetsa minofu. Yemweyo ndi amene sangalandire egometirini, ndipo yemweyonso mukamuthira madzi ambiri mu diripi amadzaza m'mapapo. Wophunzira amene amawerenga tchati cha kukomoka Lolemba, cha magazi Lachiwiri, osaziika pamodzi pa tebulo, adzakumana ndi mayi ameneyu asanamuganizirepo.

Ndipatuke pang'ono pa za okisitosini. Amafunika kusungidwa mufiriji, pakati pa madigiri 2 ndi 8. Kuno magetsi amatha kuzima tsiku lathunthu, ndipo mwezi wa Okutobala kumatentha. Botolo limene lakhala pa thireyi masabata ambiri limaoneka chimodzimodzi ndi labwino, koma mphamvu yake yachepa. Egometirini ndiye amaonongeka msanga kuposa pamenepo, ndi kutentha komanso kuwala. Chiberekero chikapanda kumvera jekiseni, ganizirani za botolo lomwelo, tengani lina la mufiriji.

Mankhwala akamalowa, manja asaime. Kupanikiza chiberekero ndi manja awiri ndi luso limene mzamba aliyense ayenera kulidziwa ngakhale kutulo. Dzanja lovala gulovu lilowe m'njira, lipange chibakera kutsogolo kwa khomo la chiberekero, dzanja lina lili pamimba ligwire kumbuyo kwa chiberekero n'kuchikanikizira pa chibakeracho. Zimapweteka, ndiye mayi auzidwe chimene chikuchitika ndi chifukwa chake, m'chilankhulo chimene akumva. Zimatopetsanso; ophunzira anga amayesera pa pilo wopinda, ndipo pakatha mphindi zitatu mikono imayamba kunjenjemera. Njira ina ndi kukanikiza mtsempha waukulu wa m'mimba: chibakera pamwamba pang'ono pa mchombo, chakumanzere, kukankhira ku msana, dzanja lina likumvetsera kugunda kwa mtsempha wa m'mphechepeche. Kukasiya kumveka ndiye kuti mwagwira pamalo pake. Zonsezi sizichiza. Zimangosunga magazi m'thupi pamene ena akukonza chotsatira.

Kwa mzamba wa pa kiliniki, chotsatiracho ndi ulendo. Makiliniki a khonsolo, monga Edith Opperman ku Mbare, amatumiza amayi ovutika ku zipatala zazikulu: Sally Mugabe, chimene ambiri timachitchabe kuti Gomo, kapena Mbuya Nehanda ku Parirenyatwa. Pa tchati bokosi la kutumiza lili pansi penipeni, ndipo malo akewo amanamiza. Ambulansi imatenga nthawi kuti ifike, magazi oti amuike mayi amatenga nthawi kuti apezeke, chipinda cha opaleshoni chikhoza kukhala ndi wina. Foni iimbidwe pa 2:55, chithandizo choyamba chikangooneka kuti sichinakwanire, osati pa 3:30 zonse zitayesedwa. Ambulansi kubwerera yopanda wodwala si vuto. Kumene kuli chovala chothina chomanga miyendo ndi mimba, mayi avekedwe asananyamuke. Kumene kuli ophunzitsidwa ndipo opaleshoni ili pafupi, baluni yoika m'chiberekero n'kuidzaza madzi imathandiza, bola mutatsimikiza kuti simunatsalire nsengwa ndipo chiberekero sichinaphulike. Mzamba akwere nawo ambulansi, diripi ikuyenda, ali ndi pepala lija la nthawi ndi mankhwala onse.

Podikira pali kayezedwe kamodzi kosafuna labotale. Ikani mamililita 2 a magazi a mayi m'kabotolo kagalasi kouma, kopanda mankhwala, mukafumbate m'manja kuti kafunde. Pakatha mphindi 4 kapendekezeni, kenako mphindi iliyonse. Zikakwana mphindi 7 magazi asanaundane, kapena aundana mofewa n'kumasweka, ndiye kuti mphamvu yake youndana yatha. Mayi ameneyu madzi a mu diripi samuthandizanso, amangosungunula otsalawo. Akufunika magazi ndi pulazima, ndipo a ku chipatala chachikulu auzidwe zimenezi pa foni asanafike.

Mmene timawerengera tsopano Loweruka ndi mosiyana ndi mmene tinkachitira poyamba. Tchati chimakhala chovundikira pa tebulo. Mmodzi amagona pa mphasa ndi pilo pamimba, wina ndi mzamba, wina wa diripi, wina wa wotchi, ine ndimatchula manambala a thumba, mtima ndi bipi. Aliyense akapatsidwa ntchito amaibwereza mokweza, akamaliza amanenanso kuti yatha, chifukwa m'chipwirikiti mawu akuti “wina apereke tiranekisamiki” amatha popanda womupereka. Tikamaliza ndi pamene timatsegula tchati kuti tione chimene tadumpha. Ulendo woyamba anatenga mphindi 24 ndipo anaiwala chikhodzodzo. Sabata yatha mtsikana wa ku Dzivarasekwa uja anali mzamba, ndipo nditangotchula 108 ndi 104 anakuwa mpaka mayi woyandikana nafe nyumba anasuzumira pa mpanda kufunsa ngati kwagwa zovuta. Anamaliza zisanu zija m'mphindi 13, ndipo ndisanamufunse anali atapempha kale khadi la kusikelo.